Chiwalo ndi ntchito yake: mapepala atatu a Sitandade 7

Ana anga a Sitandade 7 B, mapepala awa ndi okonzekera mayeso a Lachisanu. Ndasindikiza 40 okha, choncho mukhale awiriawiri ndipo musalembepo kanthu, chifukwa anzanu a 7 A awagwiritsanso ntchito masana. Mayankho onse apite m'kope. Pa pepala lililonse pali ziwalo zokhala ndi manambala, ndipo m'munsi mwake muli ntchito zokhala ndi malemba. Pezani ntchito ya chiwalo chilichonse, mulembe nambala ndi lemba lake. Mwachitsanzo, pakanakhala "12. Diso" ndi "Z. Kuona", mukanalemba kuti 12 Z.

Musathamangire kuloweza. Musanayankhe, gwirani pathupi panu pamene pali chiwalocho, mudzifunse kuti chalandira chiyani kwa chinzake ndipo chipereka chiyani kwa chotsatira.

PEPALA LOYAMBA: KUGAYA CHAKUDYA

Tikutsatira mbamu imodzi ya nsima yosunsa mu ndiwo za nyemba, kuyambira pamene yalowa m'kamwa.

Ziwalo
1. Mano
2. Tiziwalo totulutsa malovu
3. Mmero
4. Chifu
5. Chiwindi
6. Ndulu
7. Kapamba
8. Matumbo aang'ono
9. Matumbo aakulu

Ntchito
A. Kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya kuti chimbudzi chiumbike.
B. Kusunga madzi owawa obiriwira, n'kuwathira m'matumbo chakudya cha mafuta chikafika.
C. Kuduladula ndi kupera chakudya kuti chimezeke.
D. Kuvundula chakudya pamodzi ndi asidi wopha tizilombo, n'kuyamba kugaya mapuloteni.
E. Kufinyira chakudya pansi pang'onopang'ono, kuchokera kukhosi kudutsa m'chifuwa.
F. Kumaliza kugaya chakudya n'kulowetsa zofunika m'magazi.
G. Kunyowetsa chakudya n'kuyamba kusandutsa sitalichi kukhala shuga.
H. Kupanga madzi owawa aja, kusunga shuga ndi kuchotsa poizoni m'magazi.
I. Kutulutsa madzi ogayira chakudya komanso insulini woyang'anira shuga m'magazi.
J. Kusefa magazi n'kupanga mkodzo.

Ntchito zilipo 10, ziwalo 9. Imodzi ndi mlendo pano. Ipezeni, mulembe dzina la chiwalo chimene chimaigwira.

Pepala ili ndi limene linagwetsa ambiri chaka chatha, makamaka pa nambala 4 ndi 8. Kunyumba timangoti "m'mimba" ngati muli thumba limodzi, ndiye mwana amaganiza kuti nsima ikafika m'chifu ulendo watha. Ayi ndithu. M'chifu chakudya chimakhala maola ochepa chikuvundulidwa mpaka chimafanana ndi phala lamadzimadzi, koma pafupifupi chonse cholowa m'magazi chimalowera patsogolo. Matumbo aang'ono a munthu wamkulu amatalika pafupifupi mamita 6, pamene aakulu ndi mita 1.5 yokha. Timawatcha aang'ono chifukwa ndi opyapyala. Mkati mwake muli tinthu tambirimbiri tooneka ngati tizala, ndipo m'kachala kalikonse muli timitsempha ta magazi todikira chakudya.

Pa nambala 5 ndi 6, kumbukirani tsiku limene kwanu kunaphedwa nkhuku. Amayi akamachotsa zam'kati amasamala kwambiri kathumba kobiriwira komata pachiwindi, chifukwa kakangophulika nyama yonse iwawa. Dzifunseni kuti pa ziwirizo chopanga ndi chiti, chosunga ndi chiti.

Mawu oti kapamba nawo amasokoneza, chifukwa anthu amatchulira ziwalo ziwiri. Pali kapamba amene amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi, ndipo ntchito yake ndi ya magazi. Wa pepala lino ndi winayo, wogona kuseri kwa chifu, amene amatchulidwa nthawi zonse pa nkhani ya matenda a shuga.

Kayeseni kunyumba: tafunani kachidutswa ka chinangwa chophika kapena buledi kwa mphindi 2 osameza. Lembani mmene kukoma kwasinthira, ndipo mutchule ntchito imene yachititsa zimenezo pa mndandanda uja.

Funso loonjezera: mwana wotsekula m'mimba amataya madzi ambiri, n'chifukwa chake kuchipatala amam'patsa Thanzi. Pa ziwalo 9 zija, tchulani ziwiri zimene zimabweza madzi m'thupi munthu akakhala bwinobwino.

PEPALA LACHIWIRI: KAYENDEDWE KA MAGAZI

Chakudya chalowa m'magazi tsopano. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ofanana ndi kachigubu ka mafuta ophikira, ndipo ndi omwewo amene amazungulira usana ndi usiku. Dokotala wa ku England dzina lake William Harvey ndi amene anafotokoza bwino za kuzungulira kumeneku m'chaka cha 1628. Pa mndandanda uwu ndaikaponso zinthu za m'magazi momwemo, ngakhale si ziwalo zoti mungazigwire.

Ziwalo
1. Mtima
2. Mitsempha ya ateri, yokhuthala, imene kugunda kwake mumakumva padzanja
3. Mitsempha ya veini, imene imaonekera kuseri kwa chikhatho
4. Timitsempha ta kapilari, topyapyala kuposa tsitsi
5. Mavavu a mumtima ndi a m'mitsempha ya veini
6. Maselo ofiira
7. Maselo oyera
8. Timapulateleti

Ntchito
A. Kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda.
B. Kubweza magazi ku mtima.
C. Kupopa magazi kupita ku mapapo ndi ku thupi lonse.
D. Kuundanitsa magazi pabala kuti asiye kutuluka.
E. Kutseka njira kuti magazi asabwerere m'mbuyo.
F. Kunyamula okosijeni.
G. Kutenga magazi kuchoka ku mtima.
H. Kulola chakudya ndi okosijeni kudutsa kulowa m'maselo a thupi, ndi kulandira zoipa zochokera m'menemo.

Posiyanitsa nambala 2 ndi 3, yang'anani kumene magazi akulowera. Ena munaloweza kuti ateri aliyense amanyamula magazi odzaza okosijeni. Nanga uja wochoka ku mtima kupita ku mapapo? Magazi ake okosijeni ndi wochepa, n'chifukwa chake akupita kukatenga wina, koma ndi ateri ndithu popeza akuchoka ku mtima.

Chitani izi muli awiriawiri. Ikani zala ziwiri pamkono wa mnzanu, m'munsi mwa chala chachikulu, mufunefune mpaka mumve kanthu kakugogoda. Musagwiritse chala chanu chachikulu, chifukwa nachonso chimagunda ndipo chikusokonezani. Ndikati "yambani" muwerenge, ndikati "basi" patatha masekondi 30 muchulukitse ndi 2. Kenako mnzanuyo athamange kukagwira mtengo wa mango wa kuseri kwa kalasi n'kubwerera, muwerengenso. Mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo wa ana umafulumirako. Lembani manambala onse awiri.

Funso loonjezera: tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira n'kuwaswa. Poona ntchito ya maselowa, fotokozani m'ziganizo ziwiri chifukwa chake mwana wodwala malungo amayera m'zikhatho ndi kufooka.

PEPALA LACHITATU: KUPUMA

Ili ndi lalifupi.

Ziwalo
1. Mphuno
2. Kachivindikiro ka pakamwa pa kholingo
3. Kholingo ndi paipi yake yotsikira m'chifuwa
4. Timatumba ta mpweya ta m'mapapo
5. Dayafulamu, mnofu wotambalala wa pansi pa mapapo
6. Nthiti

Ntchito
A. Kutsika kuti mpweya ulowe, ndi kukwera kuti utuluke.
B. Kusefa fumbi, kufunditsa ndi kunyowetsa mpweya.
C. Kutchinjiriza mtima ndi mapapo ngati mpanda, ndi kukwera chifuwa chikamafutukuka.
D. Kulowetsa okosijeni m'magazi ndi kulandira kaboni dayokisaidi.
E. Kutseka njira ya mpweya pamene tikumeza.
F. Kutulutsa mawu ndi kudutsitsa mpweya kupita ku mapapo.

Gwirani pakhosi panu kutsogolo, mutsetsereke ndi chala. Timizere tolimba timene mukumvato timathandiza kuti njira ya mpweya isafwaphe. Mmero uli kuseri kwake, ndi wofewa. Njira ziwirizi zimayambira pamodzi, ndipo agogo akamakukalipirani kuti musalankhule muli ndi chakudya m'kamwa amakhala akuthandiza nambala 2, kuti musatsamwe.

Mpweya umene timakoka uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100 alionse, ndipo umene timatulutsa umatsala ndi magawo pafupifupi 16. Lembani kumene magawo 5 enawo apita. Ndipo inu amene mumaphika m'khitchini yopanda zenera, utsi wa nkhuni uli tolo, tchulani ziwalo za pa mndandandawu zimene utsiwo umadutsamo. Funso limeneli ndikulifuna kwambiri, mukakambirane ndi makolo anu.

FUNSO LOMANGA MAPEPALA ONSE

Bambo wa kabaza wadya nsima masana, ndipo madzulo akupalasa njinga pachitunda atanyamula thumba la chimanga. Minofu ya m'miyendo yake ikufuna shuga ndi okosijeni kuti ipeze mphamvu. Lembani ulendo wa shuga kuchoka m'kamwa kukafika m'mwendo, kenako ulendo wa okosijeni kuchoka m'mphuno kukafika komweko. Ndi chiwalo chiti cha m'chifuwa chimene maulendo onse awiri adutsamo? N'chifukwa chiyani bamboyo akupuma mwawefuwefu? Funsoli lili ndi malikisi 10, ndipo wolemba m'mawu akeake ndim'patsa ambiri kuposa wokopera m'buku.

MAYANKHO

Gawo ili ndi la makolo ndi aphunzitsi anzanga. Mulidule musanapereke mapepala kwa ana.

Pepala loyamba: 1 C, 2 G, 3 E, 4 D, 5 H, 6 B, 7 I, 8 F, 9 A. Mlendo ndi J, ntchito ya impso. Chinangwa chimayamba kutsekemera chifukwa cha G. Obweza madzi ndi matumbo aang'ono ndi aakulu.

Pepala lachiwiri: 1 C, 2 G, 3 B, 4 H, 5 E, 6 F, 7 A, 8 D. Pa funso la malungo, maselo ofiira akachepa khungu la m'zikhatho limayera, ndipo okosijeni wofika ku minofu amachepa.

Pepala lachitatu: 1 B, 2 E, 3 F, 4 D, 5 A, 6 C. Magawo 5 alowa m'magazi. Utsi umadutsa mu 1 ndi 3 mpaka kukafika mu 4.

Funso lomanga: shuga adutsa m'kamwa, mmero, chifu, matumbo aang'ono, magazi, chiwindi, mtima, ateri, kapilari, mnofu. Okosijeni adutsa mphuno, kholingo, timatumba ta m'mapapo, magazi, mtima, ateri, kapilari, mnofu. Onse adutsa mumtima. Wefuwefu ndi wofuna kukoka okosijeni wambiri ndi kutaya kaboni dayokisaidi amene wachuluka. Mwana akaiwala chiwindi musam'dule malikisi, ndipo akalembanso kuti magazi a shuga adzera ku mapapo asanabwerere ku mtima, walondola. Koma akalumpha matumbo aang'ono, mum'bweze ku pepala loyamba.