Mawu othokoza Mayi Malunga pa zaka 30 za ntchito yauphunzitsi

A Mfumu, alangizi a zamaphunziro a dera lino, a Hedi, a komiti ya sukulu, makolo, aphunzitsi anzanga, ndi inu ana amene mwakhala pansi apo, ndakulonjerani nonse.

A Hedi atandiuza kuti ndiyankhule m'malo mwa aphunzitsi, ndinavomera nthawi yomweyo, chifukwa ndili ndi ngongole kwa Mayi Malunga yomwe sindinabwezepo. Mayi, mundikhululukire, ndikudziwa kuti simukonda kutchulidwa pagulu. Lero lokha mupirire.

Ena a inu munali musanabadwe mu 1994. Chaka chimenecho boma linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo ana anakhamukira ku sukulu ngati madzi osefukira. M'dziko muno chiwerengero cha ophunzira chinachoka pafupifupi 2 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Zipinda zinachepa, mabuku anachepa, aphunzitsi anachepa. Boma linalemba achinyamata zikwizikwi omwe anali asanapite ku koleji, n'kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe, kenako n'kuwapatsa choko. Mmodzi wa iwo anali mtsikana wa zaka 22 wa kuno ku Mulanje, amene lero wakhala pampando wapakatiwo. Kalasi yawo yoyamba inali pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa ofesiwu, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, ana oposa 150 atakhala pa fumbi. Satifiketi anadzaitenga pambuyo pake kudzera mu MIITEP, ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi omwe ali kale pa ntchito, akuwerenga usiku ndi koloboyi, m'mawa n'kudzuka kukaphunzitsa. Anzawo ambiri a nthawi imeneyo anasiya, ena anatisiya. Iwo akadali pano, ndipo zaka zambiri mwa zaka 30 zimenezi azithera mu Sitandade 1, kalasi yomwe ambirife timaizemba pogawana makalasi.

Ine ndinafika pano mu 2011, nditangotuluka ku koleji. Ndinabwera ndi katundu wochepa: chikwama, mphasa ndi poto mmodzi. Nyumba ya aphunzitsi kunalibe, malipiro anali asanayambe kubwera, ndipo sindinkadziwa munthu aliyense. Tsiku lachitatu Mayi Malunga anandiyang'ana pa nthawi yopuma n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, dzulo unadya chiyani?" Ndinayankha mozungulira. Sanafunsenso. Madzulo ake mwana wawo anagogoda pachitseko, atasenza kalichero ka ufa, nandolo ndi kabotolo ka mafuta. Zinapitirira choncho miyezi inayi. Malipiro atabwera ndinapita ndi envulopu kunyumba kwawo, koma anaibweza m'thumba langa la malaya ndi dzanja lawo, n'kunena kuti, "Kudzabwera wina pambuyo pako, udzamuone." Mayi, abwera atatu pambuyo panga, ndipo ndayesetsa.

Koma chimene ndikufuna ndikhalitsepo ndi kaundula. Tonse timaitana mayina m'mawa. Ambirife timachonga, kuwerengera, n'kutumiza nambala ku ofesi. Sabata yanga yachiwiri anandiitana kuti ndikaonere kalasi yawo, ndipo ndinaona kuti akafika pa dzina la mwana amene sanabwere, amaima. Amakweza mutu n'kufunsa anzake kuti, "Akukhala pafupi ndi kwawo ndani? Mwamuona? Akudwala, kapena wapita kumsika?" Akatero amalemba kadontho ndi pensulo pambali pa dzinalo. Timadontho tikakwana titatu, tsiku limenelo akaweruka sapita kunyumba. Amamanga chitenje, kutenga ambulera yawo yakuda ija, n'kulowera kumudzi. Ndawaperekezapo kangapo. Safika ndi mkwiyo. Amakhala pamphasa, kupereka moni, kufunsa za kumunda, ndipo nkhani ya mwana imabwera pamapeto. Nthawi zina vuto limakhala yunifolomu, nthawi zina mwana akulera mng'ono wake mayi ali kothyola tiyi, nthawi zina ndi njala basi. Tsiku lina pobwerera ndinawafunsa ngati satopa, iwo anati, "Kalasi ya ana 150, akajomba mmodzi palibe amaona. Ndiye ndione ndine." Kuyambira tsiku limenelo kaundula wanga ali ndi timadontho ta pensulo.

Ana amene anatsatidwa moteremu ena ali pompano. Mayi amene akutsogolera kuphika phala la ana athu anandiuza dzulo kuti m'chaka cha njala cha 2002 anasiya sukulu milungu iwiri, ndipo Mayi Malunga anakawatenga okha, atanyamula mbatata yophika m'kansalu. Namwino amene wakhala kumbuyoko, wapempha tchuthi kuti abwere lero, anaphunzira kugwira pensulo m'manja mwawo.

Ntchito yasintha kangapo m'manja mwawo. Anayamba ndi a e i o u ndi ba be bi bo bu. Itabwera ndondomeko yatsopano yophunzitsira kuwerenga mu 2016, ya maliwu a malembo ija, ena akuluakulu anadandaula kuti akalamba nazo. Mayi Malunga anakhala kutsogolo ku maphunziro, kufunsa mafunso, ndipo atabwerako anadula makatoni a sopo n'kupanga makadi a malembo okwanira gulu lililonse. Pomwepo anandipempha ine, mwana wa dzulodzulo, kuti ndikaonere phunziro lawo ndi kuwauza pomwe alakwitsa. Munthu wa zaka 22 pa ntchito kupempha zotero, ndinaphunzirapo kanthu kuposa zimene ndinawauza.

Za mwezi wa Malichi 2023 tonse tikuzikumbukira, ndipo sindikhalitsapo chifukwa mabala akadali aawisi. Namondwe wa Freddy atadutsa, zipinda izi zinasanduka pogona pa mabanja amene nyumba zawo zinagwa. Khoma la khitchini ya Mayi Malunga nalonso linagwa. Koma m'mawa uliwonse ankabwera ndi kaundula uja m'pepala la pulasitiki, kuyenda chipinda ndi chipinda, kufunsa mwana aliyense wa m'kalasi mwawo kumene ali. Sanapume mpaka dzina lililonse litapeza yankho, ngakhale mayankho ena anali owawa. Maliro amenewo anakakhala nawo onse.

Mayi, ife a mu sitafu timakudziwaninso mbali ina. Timadziwa kuti mumafika belu lisanalire, kuti sikimu yanu imakhala yoyamba pa tebulo la a Hedi, ndi kuti wina akalakwitsa mumamuitanira pambali, osati pamaso pa ana. Ine munandiitanirapo kawiri. Ulendo woyamba ndinali nditakalipira mwana wobwera mochedwa, osadziwa kuti amawoloka mtsinje. Munandiuza mofatsa, koma sindinaiwale. Bambo anga atamwalira mu 2018, munakwera minibasi mpaka ku Ntcheu, munagona pa siwa, ndipo mayi anga mpaka lero akaimba foni amayamba afunsa za inu.

Tithokozenso a Bambo Malunga ndi ana, chifukwa madzulo ambiri amene Mayi anali m'midzi kufunafuna ana a eni, inu munkadikira.

Aphunzitsi tinasonkha kangachepe. Tagula chitenje, nsapato zoyendera, ndi ambulera yatsopano, popeza yakuda ija yasokedwa kokwanira. Ana a Sitandade 8, amene munawalandira ali ndi mamina mu Sitandade 1, alemba mayina awo onse m'kope ili, aliyense ndi dzanja lake, kuti muone kuti zimene munawaphunzitsa zinagwira.

Mayi Malunga, zikomo chifukwa cha zaka 30 zimenezi, zikomonso chifukwa cha ine. Mulungu akupatseni moyo wautali ndi miyendo yolimba. Ndipemphe aliyense amene anaphunzitsidwapo ndi Mayi, wamkulu kapena mwana, aimirire kuti akuoneni. A Hedi, bwerani mupereke mphatsozi.