Pempho la Bajeti ya Nthambi ya Chisamaliro ya Chaka cha 2025

Kwa: A Wapampando, a Msungichuma ndi mamembala onse a Komiti ya Zachuma ya bungwe lathu
Kuchokera kwa: Mkulu wa Nthambi ya Chisamaliro, ku ofesi ya ku Mbare, Harare
Tsiku: 18 Novembala 2024

Akuluakulu,

Nthambi ya Chisamaliro ikupempha $26,212 kuti igwirire ntchito kuyambira Januwale mpaka Disembala 2025. Chaka chino munativomereza $18,370, koma pofika pa 31 Disembala tidzakhala titagwiritsa ntchito $21,780. Pa ndalama imeneyi, ya Januwale mpaka Okutobala ili ndi malisiti ake, ya Novembala ndi Disembala ndi yoyerekeza potengera miyezi itatu yapitayi.

Ndikudziwa kuti maso anu ayamba agwera pa kusiyana kwa $18,370 ndi $26,212, komwe ndi pafupifupi 43 peresenti. Ndikupempha kuti muyerekeze ndi ndalama imene ntchito inadyadi. Mukatero muona kuti tikuwonjezera $4,432, kapena kuti 20 peresenti. Bajeti ya 2024 tinailemba mu Novembala 2023, chilala chisanaoneke kukula kwake, ndipo pofika Juni inali itaperewera kale. $3,410 imene tinapyola nayo inachokera kutatu: $2,000 munatiwonjezera inu mu Julayi, $900 anasonkha abale athu a ku Joni, ndipo $510 anatulutsa m'matumba mwawo amayi ndi abambo odzipereka amene amayendera okalamba. Ya odziperekayi sinabwezedwe, ndipo iwo sanaifunse. Ndailemba pano kuti isasowe m'mabuku, chifukwa ikasowa tidzaganiza kuti ntchitoyi ndi yotchipa kuposa mmene ilili.

Manambala ake ali motere, motsatana: yovomerezeka mu 2024, yogwiritsidwa ntchito mu 2024, yopemphedwa ya 2025.

Chakudya cha okalamba: $6,000, $7,680, $9,360
Malipiro a antchito awiri ndi zopereka ku NSSA, bungwe la boma la penshoni: $6,270, $6,270, $7,022
Mayendedwe: $1,800, $2,350, $2,400
Mankhwala ndi chipatala: $2,400, $2,900, $3,000
Zitupa ndi makalata a kubadwa: palibe, $410, $1,800
Ofesi (magetsi, foni, mapepala, mafuta a jenereta): $1,200, $1,140, $780
Sola ya pa ofesi, yogula kamodzi: palibe, palibe, $1,100
Phwando la Khirisimasi la okalamba: $700, $700, $300
Msonkho ndi zodula za banki: palibe, $330, $450
Zonse pamodzi: $18,370, $21,780, $26,212

Chakudya ndiye chatenga gawo lalikulu. Tinayamba chaka ndi makomo 40, phukusi lililonse la pamwezi tikuliwerengera $12.50. Muli ufa wa makilogalamu 10, mafuta ophikira malita awiri, nyemba, shuga, mchere ndi mtanda wa sopo. Pa 3 Epulo boma linalengeza kuti chilala cha chaka chino ndi ngozi ya dziko lonse, koma ife tinali titachiona kale pa khomo la ofesi. Agogo ambiri a ku Epworth, Dzivarasekwa ndi Mabvuku amadalira kadimba ka m'mbali mwa msewu kapena m'dambo, kamene kamawapatsa matumba awiri kapena atatu a chimanga. Chaka chino anakolola mapesi okhaokha. Ena anali kudyetsedwa ndi ana awo ogulitsa ku msika waukulu wa Mbare Musika, ndiye moto wa pa 8 Okutobala unapsereza katundu wa anawo, makomo anayi n'kulowa m'kaundula wathu mwezi umodzi. Lero tili ndi makomo 52. Phukusi lomwelo, osawonjezerapo kanthu, likutidyera $15 potengera mitengo imene tatenga kwa ogulitsa atatu ogulitsa zambiri nthawi imodzi, ndipo makoteshoni awo ali mu fayilo ya a Msungichuma. Makomo 52 kuchulukitsa ndi $15 kwa miyezi 12 ndi $9,360. Sindinawerengere makomo atsopano. Mvula ikagwa bwino, tidzaunikanso kaundula mu Meyi anthu atakolola, ndipo khomo limene layamba kudzidalira lidzapereka malo kwa ena asanu ndi anayi amene akudikira.

Pa zitupa ndifotokoze mofatsa, chifukwa ndi mzere watsopano ndipo ndi umene ndikuufuna kwambiri.

Mu Ogasiti tinakaona agogo ena aakazi ku Epworth. Anabadwira pa famu ya fodya cha ku Banket, bambo awo anachokera ku Dedza. Anachoka pa famupo m'zaka zotsatira 2000 pamene mafamu ankagawidwa, ndipo kuchokera pamenepo akhala m'kachipinda kamodzi ndi zidzukulu ziwiri, ana a mwana wawo amene anamwalira. Titafunsa za chitupa, anatsegula chitini cha mabisiketi, n'kutulutsa kachitsulo kokulungidwa m'kansalu, kolembedwa kuti iwo ndi mlendo. Anati, "Mwanangu, ine ku Malawi sindinapondeko. Ndine mlendo wa kuti?" Mdzukulu wamkulu, mtsikana wa zaka 12, analibe kalata ya kubadwa, ndipo aphunzitsi anali atayamba kale kuifunsa chifukwa chaka chamawa alemba mayeso a giredi 7.

Malamulo ali kumbali ya agogowa. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 likunena kuti munthu wobadwira kuno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika yobadwa. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali mu SADC. Chimene chimawalepheretsa ndi ulendo wake. Gogo wa zaka 70 ayenera kukwera kombi ndi womuperekeza, nthawi zambiri ndi mboni yomwe, kukafika ku ofesi ya kalembera m'mamawa, ndipo akapezeka kuti pepala lina palibe ayenera kubwereranso. Agogo a ku Epworth anayenda maulendo atatu. Lero chitupa chatsopano ali nacho, mdzukulu kalata ali nayo. Chaka chino tathandiza anthu 14 ndi $410 imene tinachita kubwereka ku mizere ina, ndiye kuti munthu mmodzi pafupifupi $30 ya kombi, mafotokope, makalata olumbirira ndi zolipira zina. M'kaundula muli anthu 60 amene tawafunsa kale ndipo tikuona kuti nkhani zawo zingatheke, n'chifukwa chake tikupempha $1,800.

A Msungichuma adzafunsa ngati imeneyi ndi ntchito ya Nthambi ya Chisamaliro, ndipo funsolo ndi loyenera. Yankho langa ndi lakuti khomo limodzi timalidyetsa ndi $180 pachaka, chaka ndi chaka, pamene chitupa ndi $30 kamodzi basi. Munthu wopanda chitupa satsegula akaunti ya ndalama za pa foni m'dzina lake, choncho mwana wa ku Joni akatumiza kangachepe kamadzera mwa munthu wina. Amavutikanso kulembetsa pa thandizo la boma la chakudya ndi la fizi ya ana. Mwa makomo amene tathandiza chaka chino, awiri atuluka kale m'kaundula wa chakudya atangopeza mapepala.

Antchito athu awiri akhala pa $250 pamwezi kuyambira Januwale 2023, pamene makomo oyendera akwera kuchoka pa 40 kufika pa 52. Ndikupempha $280 aliyense. Pachaka ndi $6,720, kuphatikizapo 4.5 peresenti imene olemba ntchito amapereka ku NSSA, yomwe ndi $302. Mmodzi mwa iwo ndi amene amadziwa khomo lililonse la ku Tafara ndi Mabvuku, ngakhale kumene kulibe nambala ya nyumba, ndipo agogo amamasuka naye chifukwa amalankhula nawo Chichewa chawo chija cha pa famu. Akatichokera, sitidzapeza wina wotere ndi $250.

Mayendedwe ndi mankhwala tangotsatira zimene tagwiritsa ntchito chaka chino, kuwonjezera $50 ndi $100. Ambiri mwa mankhwalawa ndi a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga, amene munthu sasiya akayamba. Mkati mwa $2,400 ya mayendedwe muli ndalama yobwezera odzipereka ya kombi mwezi ndi mwezi, kuti za $510 zija zisachitikenso.

Sola ndi ya kamodzi. Nyanja ya Kariba, imene madzi ake amapangira magetsi, yaphwa kwambiri, magetsi akuzima kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo chaka chino jenereta yamwa petulo wa $360 kungoti kompyuta, pulinta ndi mafoni zigwire ntchito. Mapanelo awiri, batire ndi inivetala, pamodzi ndi woika, ndi $1,100. Ndiye chifukwa chake mzere wa ofesi watsika kuchoka pa $1,140 kufika pa $780. Ndalamayi idzakhala itabwerera m'zaka zitatu ndi mwezi umodzi.

Phwando la Khirisimasi talidula kuchoka pa $700 kufika pa $300. Sizinali zophweka, chifukwa kwa agogo ena ndi tsiku lokhalo pachaka limene amakhala pamodzi n'kuimba nyimbo za kwawo. Phwando lidzachitikabe, koma amayi a m'nthambi avomera kuphika okha m'malo mobwereka ophika ndi tenti.

Msonkho wa 2 peresenti umene umadulidwa pa ndalama yotumizidwa kudzera ku banki kapena pa foni tinauiwala m'bajeti yapitayi, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Pamodzi ndi zodula za banki unatidyera $330. Chaka chamawa ndauika poyera, $450.

Palinso pempho lina losakhudza kuchuluka kwa ndalama. Pa 27 Seputembala mtengo wa ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe, unagwa tsiku limodzi, kuchoka pa ZiG pafupifupi 14 kufika pa 24 pa dola imodzi. Tsikulo tinali ndi ZiG 7,000 ya chakudya cha Okutobala. M'mawa inali yokwana $500, pofika madzulo inali yosafika $300, ndipo mwezi umenewo makomo onse analandira phukusi lopanda shuga, nyembanso tinachita kuchepetsa. Choncho ndikupempha kuti gawo lathu lizibwera mu madola a ku Amerika kumayambiriro kwa miyezi itatu iliyonse. Pamene zopereka za mamembala zabwera mu ZiG, mutilole kugula ufa ndi mafuta sabata yomweyo, osadikira msonkhano wa komiti. Malo osungira alipo m'chipinda cha kuseri kwa ofesi, ndipo makiyi akhoza kukhala awiri, ena kwa ine, ena kwa a Msungichuma.

Ngati thumba la bungwe silingakwanitse zonse, sola ikhoza kudikira mpaka 2026, koma mukatero mubwezere $360 ya petulo pa mzere wa ofesi, pempho lonse likhale $25,472. Kukweza malipiro kungathe kuyamba mu Epulo m'malo mwa Januwale, zimene zingachotse $188 ina. Chakudya, mankhwala ndi zitupa ndikupempha kuti zisakhudzidwe. Mbali yathu, tidzapereka lipoti la ndalama ndi malisiti miyezi itatu iliyonse, pamodzi ndi chiwerengero cha makomo olandira chakudya ndi anthu amene apeza mapepala.

Ndikhala nawo pa msonkhano wa komiti wa Loweruka pa 7 Disembala ndi kaundula wa makomo onse 52 ndi buku la malisiti. Membala wa komiti amene angafune kuona yekha ntchitoyi asanavote, tikugawa phukusi la Disembala Lachinayi pa 5 Disembala, kuyambira ku Epworth 8 koloko m'mawa, ndipo m'galimoto muli malo a anthu awiri.

Ine wanu pa ntchito,
Mkulu wa Nthambi ya Chisamaliro