Kadamsana wa dzuwa: mawu ndi zithunzi za kanema wa Sitandade 7

Kanemayu ndi wa mphindi zitatu, ndipo wolankhula ndi mmodzi. Dzuwa likhale lachikasu, mwezi wotuwa, dziko labuluu. Mitunduyi isasinthe mpaka kumapeto.

GAWO 1 (0:00–0:15)

CHITHUNZI: Mudzi masana, nkhuku zikutolatola pabwalo. Chinthu chakuda chozungulira chikuphimba dzuwa pang'onopang'ono.

MAWU: Ndi masana, koma kunja kwayamba kuda. Mitambo kulibe. Nkhuku zathamangira kukhola. Chaphimba dzuwa n'chiyani?

KWA OJAMBULA: Masekondi atatu pasamveke mawu, ana ayambe ayankha okha.

GAWO 2 (0:15–0:50)

CHITHUNZI: Mdima. Mpira uliwonse uwonekere pamene dzina lake latchulidwa, dzuwa kumanzere, dziko kumanja. Mwezi uyambe kuzungulira dziko.

MAWU: Nali dzuwa. Nali dziko lathu. Kakang'onoka ndi mwezi. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umawala chifukwa dzuwa likuuwomba. N'chifukwa chake kumbuyo kwake kumakhala mthunzi. Taonani, mwezi ukubwera, ukubwera, wafika pakati! Mthunzi wake wagwera padziko. Ameneyu ndiye kadamsana wa dzuwa.

KWA OJAMBULA: Mwezi uime ndendende pa mawu akuti "pakati", ndipo nsonga ya mthunzi ikhudze dziko pa "wagwera". Mthunzi ukafika msanga, wolankhula adzakhala ngati akunena zimene ana aona kale.

GAWO 3 (0:50–1:20)

CHITHUNZI: Mtsikana watsinzina diso limodzi, watambasula mkono, chala chake chachikulu chabisa mtengo wa mango womwe uli patali. Kenaka chala chisanduke mwezi, mtengo usanduke dzuwa.

MAWU: Nanga kamwezi kangabise bwanji dzuwa lonse? Chala n'chaching'ono, koma chabisa mtengo chifukwa chili pafupi ndi diso. M'mimba mwake, dzuwa limaposa mwezi pafupifupi ka 400. Komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400. Tikakhala pansi pano, ziwirizi zimaoneka zofanana kukula.

ZOLEMBA: 400, iwoneke kawiri, nthawi iliyonse ikatchulidwa.

GAWO 4 (1:20–1:50)

CHITHUNZI: Mapu a kum'mwera kwa Afirika. Kadontho kakuda kayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kakusiya mzere. Kuzungulira kadonthoko kuli mthunzi wotuwa waukulu, wofika mpaka ku Malawi.

MAWU: Pa 21 Juni 2001, mthunzi wa mwezi unadutsa ku Angola, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Madagascar. Ku Lusaka dzuwa linabisika lonse kwa mphindi zitatu ndi masekondi pang'ono. Kuno ku Malawi ambirife tinali mumthunzi wotuwawu, ndiye dzuwa linaphimbika koma mbali ina inatsala.

KWA OJAMBULA: Dzina la dziko lituluke kadontho kakalowa m'dzikomo. Wolankhula adikire kadontho.

GAWO 5 (1:50–2:35)

CHITHUNZI: Mipira itatu ija, tsopano tikuionera cham'mbali. Mzere woyera wowongoka ulumikiza dzuwa ndi dziko. Njira ya mwezi ioneke ngati mkombero wa lichero lopendekeka.

MAWU: Mwezi umadutsa mbali ya dzuwa pakatha masiku 29 ndi theka, nthawi ija usiku kumakhala mdima wopanda mwezi. Bwanji nanga kadamsana sachitika mwezi ndi mwezi? Njira ya mwezi ndi yopendekeka, ndi madigiri pafupifupi 5. Ulendo uno mwezi wadutsa m'mwamba mwa mzere, mthunzi waphonya dziko. Ulendo uno wadutsa m'munsi, waphonyanso. Koma uno wadutsa pamzere penipeni. Wagwera!

KWA OJAMBULA: Apa ndi pamene ana ambiri amasokonezeka, choncho musathamange. Ulendo uliwonse utenge masekondi asanu ndi atatu, mthunzi uoneke bwino ukupitirira dziko n'kuthera mumdima. Madigiri 5 saoneka pa foni kapena pa khoma la kalasi, ndiye pendeketsani njirayo kwambiri, koma lembani pansi kuti "Tapendeketsa mowonjeza kuti muone". Popanda mawu amenewa, ana adzajambula zomwezi m'makope ngati ndi mmene zilili. Nyimbo ya pansi izimitsidwe gawo lonseli.

GAWO 6 (2:35–3:00)

CHITHUNZI: Diso ndi dzuwa, pakati pake mtanda wofiira. Kenaka mnyamata wafulatira dzuwa, wagwira katoni yoboola kabowo kakang'ono. Kuwala kudutsa pabowo n'kujambula kadzuwa kobenthuka pa pepala loyera lomwe lili pansi.

MAWU: Musayang'ane dzuwa, ngakhale litatsala kachidutswa. Limawononga maso inu osamva kupweteka. Magalasi akuda wamba sateteza, ndipo kuliyang'anira m'beseni la madzi n'koopsanso. Fulatirani dzuwa, boolani katoni, muonere kadamsanayo papepala.

ZOLEMBA: "Yang'anani papepala, osati pabowo." Mawuwa akhale masekondi asanu, kenaka kude.