Vitumbuwa vya Ambuya ku Kalingalinga

Kwa makolo ndi aphunzitsi: patsamba lililonse pali chithunzi, ndipo pansi pake pali chiganizo chachifupi m'Chichewa, m'Chingelezi ndi m'Chipwitikizi. Chiganizocho chikunena zokhazo zimene zikuoneka pachithunzi. Chikati makapu 4, mwana awerenge makapuwo ndi chala mpaka akwane. Ndime yaitali ndi yanu, muiwerenge mokweza. Ana akafuna kuyesa zimene zili m'nkhanimu, asakanize ndi kukanda okha, koma mbaula ndi mafuta otentha zikhale m'manja mwa munthu wamkulu.

Tsamba 1

Chithunzi: basi yaima pa siteshoni. Mnyamata wonyamula chikwama chofiira akutsika. Mtsikana wa diresi lachikasu akumuimikira dzanja, agogo ali kumbuyo kwake.

Lito watsika basi ndi chikwama chofiira.
Lito gets off the bus with a red bag.
O Lito desce do machimbombo com uma pasta vermelha.

Lito anachokera ku Tete, m'dziko la Mozambiki. Iye ndi atate ake analowera pa malire a Chanida, nakwera basi ina pa Katete, nawoloka mlatho wa Luangwa, mpaka kufika mu Lusaka dzuwa litapendeka. Kusukulu kwawo amaphunzira m'Chipwitikizi. Msuweni wake Misozi amawerenga mabuku a Chingelezi. Koma Ambuya atangoti, "Mdzukulu wanga, wakula bwanji!" Lito anayankha m'Chichewa, poti ndicho amalankhula kunyumba ndi atate ake.

"Amalume, Lito agona kwathu?" anafunsa Misozi.

"Agona kwanu mpaka sukulu itsegulidwe," anatero amalume.

Tsamba 2

Chithunzi: m'mawa pakhonde. Pamphasa pali mabeseni 2, lobiriwira ndi loyera. Pafupi ndi beseni lililonse pali makapu 4 odzaza fulawa.

Mwana aliyense ali ndi beseni 1 ndi makapu 4 a fulawa.
Each child has 1 basin and 4 cups of flour.
Cada criança tem 1 bacia e 4 chávenas de farinha.

Ambuya amagulitsa vitumbuwa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, dera la mu Lusaka. Tsiku limenelo anati, "Lero ndapeza antchito. Sambani m'manja ndi sopo."

Misozi anatenga beseni lobiriwira, Lito loyera. Aliyense anasefa makapu 4 a fulawa kuti pasakhale zibuluma. Kenako anathira theka la kapu ya shuga ndi kasupuni kamodzi ka mchere, n'kusakaniza zonse zikadali zouma.

"Mchere usachuluke," anatero Ambuya. "Ukachuluka, yisiti amachita ulesi."

Tsamba 3

Chithunzi: Misozi waviika chala m'kapu ya madzi, akumwetulira. Lito akuthira madzi ochokera m'ketulo, nthunzi ikutuluka. Ambuya apenya kwina, akuyatsa mbaula.

Madzi a Misozi ndi ofunda. Madzi a Lito ndi otentha.
Misozi's water is warm. Lito's water is hot.
A água da Misozi está morna. A água do Lito está quente.

Ambuya anapatsa aliyense kapaketi ka yisiti ka magalamu 10. "Musungunule m'madzi ofunda, makapu 2 osadzaza kwenikweni. Muviike chala, muwerenge mpaka 10. Chala chikapirira, madzi ali bwino."

Misozi anasakaniza madzi a m'ketulo ndi a mumtsuko, naviika chala, nawerenga. Lito anaganiza zina. Ngati madzi ofunda amafufumitsa, ndiye kuti otentha afufumitsa msanga! Anathira a m'ketulo okhaokha, osauza munthu.

Tsamba 4

Chithunzi: ana onse awiri manja ali m'mabeseni. Misozi ali ndi fulawa pamphuno. Nkhuku yakuda ikusuzumira m'beseni loyera.

Ana akukanda. Nkhuku yakuda ikusuzumira.
The children are mixing the dough. A black hen peeps in.
As crianças amassam. Uma galinha preta espreita.

Phwa! Phwa! Phwa! Anakanda ndi dzanja kwa mphindi 5. Fulawa wa vitumbuwa sakhala wolimba ngati wa buledi. Amamata m'zala, ndipo ukamunyamula amatamuka n'kugwa pang'onopang'ono. Wa Misozi analimba, Ambuya namuonjezera madzi masupuni 2.

Atatha anavundikira mabeseni ndi zitenje, nawaika padzuwa pafupi ndi khoma, posafika mphepo. "Ola limodzi," anatero Ambuya. "Wovundukula msanga atsuka mbale zonse."

Tsamba 5

Chithunzi: zitenje zachotsedwa. M'beseni lobiriwira fulawa wafika m'milomo ndipo ali ndi timaenje. M'beseni loyera ali pansi. Lito wagwira tsaya.

Beseni lobiriwira ladzaza. Beseni loyera silinadzaze.
The green basin is full. The white basin is not full.
A bacia verde está cheia. A bacia branca não está cheia.

"Wanga wafufuma! Wako wagona!" anakuwa Misozi uku akuvina.

Ambuya ananunkhiza beseni loyera, natobola fulawa ndi chala. "Lito, madzi unatenga kuti?"

"M'ketulo, Ambuya."

"Eya. Yisiti ndi tizamoyo ting'onoting'ono, sitioneka ndi maso. Tikamva kufunda timadzuka, n'kumadya shuga, n'kumatulutsa mpweya. Mpweyawo ndiwo umatukumula fulawa, ndipo timaenje ukuona kwa mnzakoti ndi malo ake. M'madzi ozizira timagwira ntchito mochedwa. M'madzi owira timafa."

Lito anayang'ana pansi. "Ndiye titaye?"

"Kutaya fulawa? Wagula ndiwe?"

Tsamba 6

Chithunzi: kapu yokhala ndi thovu pamwamba. Lito waigwira ndi manja awiri. Pambali pali kapaketi kong'ambika ndi supuni.

M'kapu ya Lito muli thovu.
There is foam in Lito's cup.
Há espuma na chávena do Lito.

Ambuya anamasula mfundo ya chitenje natulutsa kapaketi kena. Ulendo uno Lito anaviika chala, nawerenga m'Chipwitikizi mpaka 10. Anaika yisiti m'madzi ofunda okwana masupuni 4 ndi kasupuni ka shuga, nadikira mphindi 10. Pamwamba panabwera thovu.

"Thovu likaoneka, yisiti ali moyo," anatero Ambuya. "Likapanda kuoneka, ndiye kuti paketiyo inakhalitsa, usavutike nayo."

Lito anathira zonse m'beseni lake, nawaza fulawa wouma dzanja limodzi kuti asalowe madzi, nakandanso, navundikira. Anakhala pambali pake kulondera nkhuku ija.

Tsamba 7

Chithunzi: chiwaya chili pa mbaula. Misozi waima patali pang'ono akukupiza moto ndi katoni. Makala ali psuu, utsi ukukwera kuchokera m'mafuta.

Misozi akukupiza moto. Mafuta akufuka utsi.
Misozi fans the fire. The oil is smoking.
A Misozi abana o lume. O óleo deita fumo.

Ambuya anathira mafuta lita 1 m'chiwaya chouma bwino. Anachipukuta kawiri, chifukwa dontho la madzi likagwera m'mafuta otentha limathetheka n'kuwotcha munthu. Mbaula anaikhazika pamalo osapendekeka, panja, poti utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha.

Ali kalikiliki kufuna chipande chobowola, Misozi anatola katoni. Ankafuna vyake vipse Lito asanayambe n'komwe. Anakupiza, nakupizanso, mpaka makala onse anayaka moto wa lawilawi.

Tsamba 8

Chithunzi: m'mbale muli vitumbuwa 3 vyakuda. Chimodzi chanyemedwa pakati, m'kati ndi moyera ndi monata. Misozi wakwinya nkhope, Lito wabisa pakamwa ndi dzanja.

Vitumbuwa 3 vyada kunja. M'kati ndi viwisi.
3 fritters are black outside. They are raw inside.
3 bolinhos estão pretos por fora. Por dentro estão crus.

Ambuya anauona utsiwo, koma anaponyamo vitatu dala kuti mdzukulu adzionere yekha. Posakhalitsa vinali bii. Misozi ananyema chimodzi, fulawa muwisi namumata m'zala.

"Moto ukakula, kunja kumapsa m'kati musanamve kutentha," anatero Ambuya. "Ukachepanso kwambiri ndi vuto lina: chitumbuwa chimamira, n'kumwa mafuta, wogula n'kumachifinya m'pepala akudandaula."

"Vyako vyavala jekete lakuda," anatero Lito.

Misozi anafuna kukwiya, koma anaphulika kuseka.

Tsamba 9

Chithunzi: Ambuya akuponya fulawa m'mafuta ndi dzanja lamanja. M'chiwaya muli vitumbuwa 6 vyofiirira. Ana akhala pabenchi kuseri kwa mzere wojambulidwa pansi.

Vitumbuwa 6 vikuyandama m'chiwaya.
6 fritters are floating in the pan.
6 bolinhos flutuam na frigideira.

Ambuya anaphula chiwaya, nachotsa makala ena ndi mbano, nawaza phulusa pa otsalawo. Anajambula mzere pansi ndi phazi. "Uku ndi kwanga, uko ndi kwanu."

Kenako anaponyamo kanyenyeswa ka fulawa. Kanamira pang'ono, n'kubwera pamwamba kakuchita tithovu, osada msanga. "Mafuta akonzeka."

Ananyowetsa dzanja, nalikutumulira kutali ndi chiwaya, natapa fulawa, namufinya kuti atulukire pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kampira kosaposa dzira kanagwa m'mafuta. Dzanja analitsitsa pafupi kuti mafuta asathovukire. Anaika 6 basi, chifukwa vikathinana mafuta amazizira. Mphindi 2 mbali iyi, mphindi 2 mbali inayo, n'kuvivuulira m'sefa kuti mafuta akhe.

Pamene vya Misozi vinkatha, chitenje cha pa beseni loyera chinali chitatukumuka.

Tsamba 10

Chithunzi: tebulo m'mbali mwa msewu. Pali ndowa yoonekera m'kati yodzaza vitumbuwa, yovundikira. Mayi wobereka mwana akupereka ndalama kwa Lito. Misozi akutola chitumbuwa ndi foloko.

Mayi akugula. Lito akulandira ndalama.
A woman is buying. Lito takes the money.
Uma senhora compra. O Lito recebe o dinheiro.

Beseni loyera linatulutsa vitumbuwa 24. Lobiriwira linatulutsa 21, poti vitatu vija vinapita kwa nkhuku yakuda. Ambuya anadikira kuti vizizire asanavundikire ndowa, chifukwa nthunzi ikatsekeredwa imavifewetsa.

"Wogwira ndalama asagwire chakudya," anatero Ambuya. Choncho Lito anagwira ndalama, Misozi foloko.

"Chimodzi ndi zingati, mwanawe?" anafunsa mayi uja.

Lito anatsala pang'ono kutchula ndalama za kwawo, za metikali. Misozi anamugunyuza ndi chigongono. "Makwacha awiri, amayi!"

"Ndipatseni visanu."

Lito anawerenga ndi zala, nalandira K10.

Funsani mwana: vitumbuwa vinali 24 ndi 21, mayi wagula 5. M'ndowa mwatsala vingati?