Kalata yodziwitsa za ntchito yokonza nyumba kuyambira pa 6 Okutobala 2025

Area 25, Lilongwe
22 Seputembala 2025

Kwa Bambo ndi Mayi Mbewe,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Ndalemba kalatayi kuti zomwe tinakambirana pakamwa zikhalenso papepala, ndiponso kuti mukhale ndi masabata awiri okonzekera. Nyumba yomwe mukukhalayo ikonzedwa zinthu zitatu mvula isanayambe: denga, mawaya a magetsi ndi dzenje la madzi oipa kuseri. Ntchito iyamba Lolemba pa 6 Okutobala ndipo amisiri amaliza Loweruka pa 18 Okutobala. Simusamuka ayi, koma masiku ena zipinda zina sizidzalowedwa masana.

Ndiyambe ndi denga, poti ndilo lalikulu. Kudontha komwe munadandaula m'chipinda cha ana ndi kukhitchini kuli ndi zifukwa zitatu. Malata akalewo ndi afupiafupi, olumikiza awiri kuchokera pamsonga kufika m'munsi, ndipo polumikizapo anasanjikizana pang'ono kwambiri, moti mvula yamphepo imakankhira madzi m'kati. Misomali yambiri inakhomedwa m'ngalande za malata, momwe madzi amayenda, m'malo mokhomedwa pamwamba pa mzere, ndiye dzimbiri linakuza mabowo. Chachitatu ndi chiswe, chomwe chadya mitanda ya mbali ya kuseri kotero kuti misomali sikugwiranso. Kumata phula pamabowo kungangotinyenga miyezi iwiri, mphepo ya mvula yoyamba n'kudzasasula denga lonse. N'chifukwa chake tisintha zonse.

Loweruka pa 4 Okutobala, pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, galimoto idzatsitsa malata 34 a geji 28 otalika mafiti 14, malijesi 8 ovindikira pamsonga, matabwa 24 a mitanda, makilogalamu 10 a misomali ya malata ndi malita 10 a solignamu wopaka matabwa kuti chiswe chisawadye. Katunduyu adzaikidwa m'mbali mwa mpanda chakumanzere kwa geti. Chonde galimoto yanu isadzaime pamenepo, ndipo ana asakwere pamulu wa malata. M'mphepete mwa lata latsopano ndi mpeni weniweni.

Lolemba pa 6 ndi Lachiwiri pa 7 adzasasula mbali ya kuseri, yomwe ili pamwamba pa khitchini, bafa ndi zipinda ziwiri za ana. Lachitatu pa 8 ndi Lachinayi pa 9 adzabwera mbali ya kumaso, pabalaza ndi kuchipinda kwanu. Lachisanu pa 10 ndi lokhoma malijesi, kuthira madzi padenga ndi paipi kuti tione ngati pali podontha, ndi kutola misomali pabwalo. Ndagwirizana ndi mmisiri wamkulu, Bambo Zimba, kuti asasasule malata ochuluka kuposa omwe angabwezere tsiku lomwelo. Palibe usiku womwe mudzagone denga lili pululu. Kumwamba kukadzachita mitambo, adzaimitsa kusasula n'kuphimba ndi lona yemwe adzakhale naye pamalopo.

Madzulo a dzulo lake, ntchito ya mbali iliyonse isanayambe, chotsani katundu wosweka m'zipinda za mbali imeneyo: wailesi ya kanema, magalasi, mbale, zithunzi za pakhoma. Mabedi ndi makabati akhoza kukhala, koma muwaphimbe ndi mapulasitiki omwe ndidzabweretse pa 4 pomwepo. Ufa, mpunga ndi madzi akumwa zichoke kukhitchini, chifukwa m'siling'i mudzagwa fumbi la zaka zambiri losakanikirana ndi zitosi za makoswe ndi mileme. Fumbi limeneli musalisese louma. Wazani madzi kaye, vindikirani mphuno ndi pakamwa, kenako kolopani. Munandiuza kuti mwana wanu wamng'ono amavutika ndi mphumu. Iyeyu ndi bwino aziswera kwa achibale kapena kwa aneba masiku anayiwo, ndipo azibwera zipinda zitakolopedwa. Fungo la solignamu nalonso ndi lamphamvu masiku oyamba. Mazenera azikhala otsekula mpaka madzulo, ndipo mbaula kapena moto uliwonse usayandikire matabwa opakidwa kumene ndi zigubu zake, chifukwa mankhwalawa amayaka.

Amisiri akakhala pamwamba, m'chipinda cha pansi pawo musalowe munthu, ngakhale kungotenga kanthu msangamsanga. Hamala kapena thabwa likapulumuka limaboola siling'i. Panja adzamanga chingwe mamita atatu kuchokera kukhoma, ndipo malata akale azitsitsira m'kati mwa chingwecho. Zochapa muyanike kutali. Aliyense aziyenda atavala nsapato zolimba pansi, osati mapatapata, mpaka pabwalo patayeretsedwa. Wina akabayidwa ndi msomali wadzimbiri, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone za katemera wa kafumbata. Musadikire kuti mwendo utupe kaye.

Za magetsi ndikupemphani muwerenge mofatsa. Shoko yomwe mumaimva pampopi wa kubafa si nkhani yaing'ono. Wamagetsi atayeza anapeza kuti waya wa efi, wotaya magetsi osochera munthaka, unaduka pomwe umalumikizana ndi chitsulo chake, ndipo m'siling'i muli mawaya olumikiza ndi tepi yekha, ena otafunidwa ndi makoswe. Waya wosupuka ukakhudza paipi yachitsulo, magetsi amasowa njira yopita pansi ndipo amadutsa mwa munthu wogwira mpopi ndi manja onyowa. Wamagetsiyo wachotsa kale waya womwe unakhudza paipiwo, komabe mukamvanso shoko ngakhale pang'ono ntchito isanachitike, zimitsani swichi yaikulu pabokosi ndi kundiimbira nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Wamagetsiyo, Bambo Kamanga, ali ndi chiphaso cha MERA ndipo adzakuonetsani akafika. Adzagwira Lolemba pa 13 ndi Lachiwiri pa 14, n'kudzamaliza ndi kuyeza Lachinayi pa 16. Adzaika mawaya atsopano m'mapaipi apulasitiki: a mamilimita 1.5 a mababu, a 2.5 a masoketi ndi a 6 a kuka. Adzakhomanso chitsulo chatsopano cha efi ndi kuika buleka yozimitsa yokha magetsi akayamba kusochera. Masiku atatuwa magetsi azizima kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Furiji musamaitsekule pafupipafupi. Mabotolo a madzi oundana muwaike m'kati usiku wake, ndipo nyama yambiri musagule sabata imeneyo. Mukamaphika pa mbaula, phikirani panja. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha anthu ali m'tulo.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amalakwitsa kawirikawiri. Choyamba, wamagetsi akazimitsa swichi yaikulu n'kumatapo pepala, wina aliyense asaiyatse, ngakhale kungofuna kutchaja foni mphindi zisanu, chifukwa nthawi imeneyo mnzathuyo amakhala atagwira waya m'siling'i. Uzani ana ndi wantchito wanu. Chachiwiri, waya wa ESCOM wochokera papolo kufika pakhoma la kumaso umakhalabe ndi moto ngakhale swichi yathu itazimitsidwa. Makwerero, lata kapena mtengo wothyolera mango zisayandikire waya umenewo. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja. Zimitsani swichi, kapena mumulekanitse ndi wayawo ndi thabwa louma mutaima pouma, kenako thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Matabwa a siling'i asanu ndi limodzi omwe anavunda ndi madzi adzasinthidwa Lachisanu pa 17, mawaya atatha.

Kuseri, dzenje lomwe limamwa madzi ochokera muthanki ya chimbudzi linatsekeka ndi mafuta a kukhitchini ndi matope, n'chifukwa chake madzi amasefukira pabwalo. Anyamata awiri adzayamba kukumba lina Lolemba pa 13, lakuya mamita awiri, n'kulidzaza miyala. Lachinayi pa 16 m'mawa kudzabwera galimoto yopopa thanki, ndipo tsiku limenelo ndi Lachisanu pa 17, kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko madzulo, musagwiritse ntchito chimbudzi cha m'nyumba, bafa ndi sinki. Chimbudzi chokumba cha panja chidzakhala chotsekula. Madzi a pampopi sadzatsekedwa. Chivindikiro cha simenti chidzathiridwa pa 18, ndipo pasapondedwe kwa masiku asanu ndi awiri. Mnyamata mmodzi azibwera m'mawa uliwonse kudzathirapo madzi kuti simenti ikhwime osang'ambika.

Dzenje limeneli ndi lomwe likundidetsa nkhawa koposa. Lachitatu pa 15 Okutobala ndi holide ya Tsiku la Anakubala, amisiri sadzabwera ndipo ana adzakhala pakhomo, mwinanso ndi anzawo. Dzenjelo azilivindikira ndi matabwa ndi malata akale madzulo alionse, koma lata silinyamula mwana wodumphapo. Tsiku limenelo ana asewerere kumaso basi. Thanki ikakhala yotsekula, munthu asasuzumiremo kapena kuyatsa machesi pafupi, chifukwa mpweya wa mmenemo umakomola ndiponso umayaka. Chinthu chikagweramo, chisiyeni.

Amisiri azifika 7 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Loweruka 12 koloko masana. Lamulungu kulibe ntchito. Onse pamodzi ndi anthu asanu ndi awiri, ndipo ndidzabwera nawo ndekha pa 4 Okutobala kuti muwadziwe nkhope. Wina wachilendo akadzati watumidwa ndi ine, musamutsekulire geti musanandiimbire. Ntchito ya padenga ndi ya kuseri sifuna kulowa m'nyumba. Ofunika kulowa ndi wamagetsi pa 13, 14 ndi 16, ndi kalipentala pa 17, ndipo ndikupempha kuti masiku amenewa pakhale munthu wamkulu pakhomo. Ngati nonse muli kuntchito, ndiuzeni pofika Lachitatu pa 1 Okutobala kuti ndidzakhalepo ine. Kiyi wanga wapadera sindidzampatsa mmisiri aliyense, ndipo chipinda chomwe mwakhoma sichidzatsekulidwa inu kulibe. Ndalama, mafoni ndi mapepala ofunika musunge pokhoma, kuti pasadzakhale kuganizirana. Galu azikhala womangirira nthawi ya ntchito.

Ndalama zonse za ntchitoyi ndi zanga. Musapereke kanthu kwa amisiri, ngakhale atapempha ya misomali kapena ya chakudya. Amenewo ndathana nawo kale. Popeza adzagwiritsa ntchito magetsi ndi madzi anu, ndidzakugulirani mayunitsi a K20,000, ndipo bilu ya madzi ya Okutobala tidzagawana pakati. Pa lendi ya Okutobala muchotse ya masiku asanu ndi awiri chifukwa cha kusokonezekaku. Katundu wanu akawonongeka ndi amisiri, jambulani chithunzi n'kunditumizira tsiku lomwelo, ndidzakonza kapena kubweza.

Tsiku lililonse likasintha chifukwa cha mvula kapena kuchedwa kwa katundu, ndidzakudziwitsani dzulo lake. Loweruka pa 25 Okutobala nthawi ya 10 koloko m'mawa tidzayendere limodzi nyumba yonse, ndipo chomwe sichinakukhutiritseni mudzachinene amisiri ndisanawamalize malipiro. Kalatayi ndalemba ziwiri. Sainani imodzi posonyeza kuti mwalandira, ndidzaitenga pa 4 Okutobala. Ngati masikuwa akuwombana ndi china chachikulu pabanja panu, ndiimbireni sabata ino pa nambala yomwe muli nayo ija kuti tione posunthira, bola denga lithe Okutobala asanathe.

Ine mwini nyumba,
Mayi E. Chirwa