Sindibweranso ku mayeso a ntchito a Lachinayi

Wokondedwa Bambo Manijala,

Ndalandira kalata yanu yondiitana ku mayeso a ntchito ya ukalaliki wa kunyumba yosungiramo katundu, omwe achitike Lachinayi likudzali 9 koloko m'mawa ku ofesi yanu pa Dedza boma. Zikomo kwambiri pondiwerengera m'gulu la oitanidwa.

Pepani bambo, sinditha kubwera. Dzulo ndasainira ntchito ina pa sitolo yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a mbatata ya kachewere kuno ku Lizulu, ndipo ndiyamba Lolemba. Anandiyesa kalata yanu isanandipeze, koma yankho lawo ndiye linachedwa.

Ndinene poyera kuti sindinanyoze ntchito yanu kapena malipiro ake ayi. Nkhani yagona pa mayi anga omwe akhala akudwaladwala chaka chino. Pa Lizulu ndiziyenda wapansi kuchokera kunyumba, madzulo n'kumawaona, pomwe ku boma ndikanafunika nyumba ya lendi kapena kukwera minibasi tsiku ndi tsiku, ndipo mukudziwa m'mene mitengo yakwerera.

Ndati ndikudziwitseni lero lomwe kuti mupeze nthawi yoitana wina m'malo mwanga, kusiyana n'kuti komiti idzandidikire pachabe. Makope a satifiketi yanga ya MSCE ndi kalata za umboni zomwe ndinasiya kwa alembi mutha kuzisunga. Ngati malamulo anu salola, mundiuze pa nambala yomwe ili pa kalata yanga yofunsira ntchito, ndidzazitenga Loweruka.

Mundiperekere kupepesa kwanga kwa onse a komiti.

Ine wanu mwaulemu,
Wofunsira ntchito wa ku Lizulu, Ntcheu