Kuyeza shuga m'magazi kunyumba

Amayi, sambani m'manja ndi sopo, mupukute ziume. Ngati mwadya mango, sambani kawiri, chifukwa madzi ake otsalira pachala amakweza nambala.

Lowetsani kapepala koyezera m'makina, ayaka okha. Kabotolo ka timapepala mutseke pompo. Musakasiye pawindo, kutentha kwa kuno ku Mangochi kumawononga timapepalati.

Ikani singano yatsopano m'chobayira chala. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakati pomwe pamawawa. Finyani pang'ono, osakama. Gunditsani nsonga ya kapepala padontho la magazi, kayamwa kokha. Dikirani masekondi ochepa.

Lembani nambalayo ndi nthawi m'kope. Ikatsika pansi pa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L, imwani madzi a shuga msangamsanga.